Mizere ya pa mapu a phiri la Mulanje: chigwa ndi chiti, msana ndi uti?

"Mnzanga wanditumizira pa foni chithunzi cha mapu a phiri la Mulanje, mbali ya ku Likhubula, ndipo m'mphepete mwake mwalembedwa sikelo ya 1:50,000 komanso kuti mizere imatalikirana ndi mamita 20. Ndikuona mizere yokhotakhota yokhayokha. Ndingadziwe bwanji pamene pali chikweza chachikulu, pamene pali chigwa ndi pamene pali msana wa phiri?"

Mzere uliwonse mwa mizere yofiirirayo, imene akatswiri a mapu amaitcha kontuwa, umalumikiza malo onse amene ali pa msinkhu umodzi kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Munthu woyenda motsata mzere umodzi sakwera ndiponso satsika, koma akangodumpha kuchoka pa mzere wina kufika pa wotsatira, ndiye kuti wakwera kapena watsika mamita 20 amene mwawerengawo. Mwachita bwino kuyang'ana m'mphepete, chifukwa mapu ena akale analembedwa m'mafiti, ndipo wowerenga mafiti ngati mamita amalikuza phiri katatu konse.

Popeza muli ndi chithunzi osati pepala lenilenilo, lula musaikhulupirire. Mukatambasula chithunzi ndi zala, sentimita ya pa galasi la foni siikhalanso sentimita ya pa mapu, ndipo sikelo ija imakhala yatha ntchito. Chimene chimakupulumutsani ndi mabokosi a mizere yowongoka imene yadutsana pa mapu onsewo, chifukwa pa mapu a 1:50,000 mbali iliyonse ya bokosi imaimira kilomita imodzi, kaya mwakulitsa chithunzi kaya mwachichepetsa. Mabokosiwo akamaoneka aakulu kumunsi kwa chithunzi ndi aang'ono kumtunda kwake, dziwani kuti wojambulayo anapendeketsa foni, choncho muyeze ndi bokosi limene lili pamalo pomwe mukuwerengapo, kapena mumupemphe ajambulenso foni itayang'ana pepalalo mwachindunji.

Tiyerekeze kuti njira yanu ikuchoka pa mzere wolembedwa 1,000 kukafika pa wolembedwa 1,200. Apa mwakwera mamita 200, imene ndi mipata khumi. Muziwerenga mipata osati mizere, pakuti mizereyo ilipo 11 mukaphatikiza woyambira, ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Ngati mipata khumiyo yapanikizana mu theka la bokosi, ndiye kuti mukukwera mamita 200 pa mtunda wa mamita 500, kutanthauza mita imodzi pa mamita awiri ndi theka alionse, ndipo chimenechi ndi chikweza chopumitsa munthu kawirikawiri, makamaka atasenza chikwama. Mipata yomweyo ikatambalala m'mabokosi awiri, mukukwera mita imodzi pa mamita khumi, ndipo mungayende mukucheza. Pamene mizere yakhudzana mpaka kuoneka ngati chibanga chimodzi, monga zimakhalira kumadzulo kwa nsonga ya Chambe, pali phompho, ndipo pamenepo palibe choti n'kuwerengera.

Chigwa ndi msana zimasokoneza chifukwa zonse ziwiri zimapinda mizere ngati chilembo cha V kapena cha U. Kusiyana kwake kuli pa kumene nsonga ya chilembocho yaloza. M'chigwa nsongayo imaloza kumtunda, kumene madzi akuchokera, pamene pa msana imaloza kumunsi. Yambani ndi mtsinje wa Likhubula: tsatani mzere wake wa buluu ndipo muona kuti paliponse pamene kontuwa yawoloka mtsinjewo, yapindikira kumtunda kwa phiri. Diso likazolowera pamenepo, mudzazindikiranso makwawa amene alibe mzere wa buluu, omwe amakhala ouma m'chilimwe koma amasefukira m'dzinja. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 akudziwa kuti madzi ndi miyala zimatsikira m'makwawa oterewa. Pakati pa zigwa ziwiri zoyandikana pamakhala msana nthawi zonse, ndipo mapindidwe ake kawirikawiri amakhala obulungira kuposa a chigwa.

Zonsezi zimadalira kudziwa kumene kuli kumtunda, ndipo apa ndi pamene chithunzi chimanyenga kwambiri, chifukwa chikadulidwa manambala amatsala kunja. Musanaweruze, pezani manambala awiri pa mizere yonenepa, imene nthawi zambiri imabwera pa mzere wachisanu uliwonse, n'kuona kumene akukulira. Mukapeza nambala imodzi yokha, funani mtsinje kapena nsonga yolembedwa msinkhu wake, monga Sapitwa, imene ndi mamita 3,002.

Chimene mizereyi singakuuzeni ndi zimene zili pakati pa mzere ndi unzake. Thanthwe loongoka la mamita 15 likhoza kubisala mu mpata umodzi osaoneka konse, ndipo thanthwe lotero ndi lokwanira kukubwezani. N'chifukwa chake pa Mulanje ine ndimagwiritsa ntchito mapu posankha njira ndi kuyerekeza kutopa kwake, koma pokwera penipeni ndimatenga wolondolera wa ku Likhubula konko.