Buku langa likuti zina, sitetimenti ya kubanki ikuti zina

"Azakhali, ndatseka mwezi wa Juni pashopu yanga ya ku Kapata, koma ndalama zimene ndinalemba m'buku kuti zili kubanki sizikufanana ndi za pasitetimenti. Kodi akubanki andibera, kapena ndi mtsikana amene amandigulitsira? Inu mumachita bwanji, poti mumakhala pamsewu wa ku Mwami sabata ndi sabata?"

Mwanangu, usamuitane kaye mtsikanayo, ndipo kubanki usapiteko ndi mkwiyo. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuoda mpunga ndi zitenje ku Lilongwe n'kumagulitsa kuno ku Chipata, ndi miyezi yowerengeka chabe imene buku ndi sitetimenti zinafanana poziona koyamba. Buku umalemba iwe pa nthawi yako, sitetimenti amalemba akubanki pa nthawi yawo. Pali zimene iwe wadziwa iwo asanadziwe, palinso zimene iwo adziwa iwe usanadziwe. Ntchito ya pakutha pa mwezi ndi kupeza kuti kusiyanako kwabwera ndi chiyani, mpaka ngwee iliyonse ikhale ndi dzina.

Poyamba ndifunse za buku lakolo. Ngati ndalama za m'kabati, za pafoni ndi za kubanki umazilemba mumzere umodzi, sudzalinganiza kanthu. Ine tsamba lililonse ndimaligawa patatu, malo a ndalama za m'manja, a za pafoni ndi a za kubanki. Ukachotsa K3,000 m'kabati kukaika kubanki, ulembe kawiri: yatuluka m'manja, yalowa kubanki. Sitetimenti imayerekezedwa ndi gawo la kubanki lokha basi. Za m'kabati umaziwerenga ndi zala, za pafoni uli ndi mauthenga ake.

Ndikuuze mmene ndinachitira mwezi wina, ndi manambala ake, chifukwa ukaona kamodzi sudzaiwala. Pa 30 buku langa linati kubanki kuli K18,450. Sitetimenti inati K14,615. Kusiyana kunali K3,835, ndipo mtima unagunda, pakuti imeneyo ndi ndalama ya matumba angapo a mpunga.

Ndinatseka shopu, ndinakhala patebulo ndi buku, sitetimenti, pensulo, rula ndi chithumba cha mapepala momwe ndimasungamo masilipi a dipoziti. Ndinayamba kuona nambala ya pamwamba penipeni, yoyambira mwezi, ngati ikugwirizana ndi pomwe ndinasiyira mwezi wathawo. Ichi anthu ambiri amadumpha, ndiye amatha usiku wonse kufunafuna m'mwezi uno cholakwa chimene chinachitika mwezi wapita. Pamenepo panali bwino. Kenaka ndinaika rula pansi pa mzere woyamba wa sitetimenti n'kumatsika umodziumodzi. Ndalama iliyonse imene ndaipeza konse kuwiri, ndimachonga pasitetimenti ndi m'buku momwe. Chenjera ndi mitu ya pasitetimenti: ndalama zimene waika zimaoneka pansi pa mawu akuti Credit, zimene zachoka zili pansi pa Debit. Ndi momwe banki imalembera kuchokera kumbali yake, choncho usadabwe ngati amene anakuphunzitsa buku anakuuza mosemphana.

Nditafika pansi, ndinayang'ana zosachongedwa zokha. Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa zosachongedwazo zili mitundu iwiri ndipo sizichitidwa mofanana.

Mtundu woyamba ndi zimene zili pasitetimenti koma m'buku mulibe. Izi akubanki akudziwa zoona, buku langa ndilo latsalira, ndiye ndiyenera kuzilemba m'buku. Ndinapeza zitatu. Panali tindalama timene banki imadula, ya kusunga akaunti pamwezi ndi ya potapa ndalama, tonse pamodzi K155. Timeneti palibe amene amakupatsa risiti m'manja, umationa pasitetimenti pokha, ndipo uzitilemba ngati ndalama yotuluka monga momwe umalembera renti. Panalinso K800 imene inatuluka pamakina otapira ndalama pa 17. Ndinakhala kanthawi ndikuganiza, mpaka ndinatsegula pasipoti n'kuona chidindo cha pa Mwami cha tsiku lomwelo. Ndinaitapa m'mamawa ndikuthamangira galimoto, kuti ndikalipire thiransipoti ndi anyamata onyamula katundu, ndipo pobwera usiku ndili wotopa sindinalembe. Kwa ife apamsewu dzenje lalikulu ndi limeneli. Ndalama zimatuluka uli kutali ndi buku. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kabuku kakang'ono m'chikwama, ndipo chilichonse chimene ndalipira paboda, kaya msonkho wa ZRA kaya wa wilibala, chimalowa mmenemo ndisanakwere galimoto.

Chachitatu chinali chokoma: K1,500 yolowa, imene sindinaidziwe. Mayi wina wa ku Katete amene anatenga zitenje pankhongole anaika ndalama mu akaunti yanga osandiimbira. Koma ndalama yotere usailembe msanga kuti ndi malonda atsopano. Ufufuze kaye mwini wake. Ine ndinaona dzina pamzerewo, ndinamuimbira, iye anavomera, ndipo ndinachotsa K1,500 pankhongole yake. Ndikanapanda kutero ndikanapita kukamulonjerera ndalama imene analipira kale, ndipo kasitomala wotere sabweranso. Ikalowa ndalama imene sukumudziwa mwini wake ngakhale utafunsa, usaidye. Ikhoza kukhala kuti wina analakwitsa nambala ya akaunti, ndipo idzabwezedwa.

Tsopano buku ndinalikonza motere. Pa K18,450 ndinachotsa K155, kutsala K18,295. Ndinachotsanso K800, kutsala K17,495. Ndinawonjezera K1,500 ya mayi wa ku Katete, kukhala K18,995.

Mtundu wachiwiri ndi zimene zili m'buku koma pasitetimenti palibe. Ndinapeza imodzi, dipoziti ya K4,200 imene ndinapereka pa 30 madzulo kwambiri, ndipo mu akaunti inaoneka pa 1 mwezi wotsatira. Silipi yake inali m'chithumba. Imeneyi, mwanangu, suifufuta m'buku ayi. Buku silinalakwe, ndalama inachokadi m'manja mwanga, kungoti inali panjira pamene sitetimenti inkatsekedwa. Umatenga pepala lapadera, kulemba nambala yotsekera ya pasitetimenti, n'kuwonjezerapo ndalama ya panjirayo. K14,615 kuphatikiza K4,200 inakhala K18,815. Zikanakhala kuti ndinalipira munthu kudzera kubanki pa 30 koma ndalama sinachoke, ndikanaichotsa papepala lomwelo m'malo mowonjezera.

Ndiye ona: buku lokonzedwa K18,995, pepala la kubanki K18,815. Patsala K180.

Pamenepa ambiri amatopa n'kunena kuti ndi yochepa, amangolemba "zosowa" kuti manambala afanane. Ine zimenezo ndimakana, ndipo ndikupempha iwenso uzikane. K180 yotsala ikhoza kukhala zolakwa ziwiri zazikulu zimene zabisana, ina yokweza ina yotsitsa. Ndinagwiritsa njira imene anandiphunzitsa bambo wina wolemba mabuku a ndalama: gawa chotsalacho ndi 9. Ngati chagawika popanda chotsala, kawirikawiri ndiye kuti penapake wasinthanitsa manambala awiri polemba. K180 kugawa ndi 9 ndi 20 ndendende. Ndinabwerera ku zimene ndinachonga kale, tsopano ndikuwerenga nambala iliyonse mokweza mawu. Pa 11 m'buku ndinalemba K2,530, koma silipi ndi sitetimenti zonse zinati K2,350. Maso anaona 2, 5, 3 ndi 0 konse kuwiri n'kuchonga. Ndinadula mzere umodzi wowongoka pa nambala yolakwikayo kuti izionekabe, ndinalemba yoona pamwamba pake, ndipo buku linatsika kufika pa K18,815, chimodzimodzi ndi pepala lija.

Pali njira inanso yofanana nayo. Ngati chotsala sichigawika ndi 9, chigawe pakati n'kufunafuna ndalama ya theka limenelo. Ukalemba K300 yotuluka kumbali ya zolowa, kusiyana kumakhala K600, chifukwa yalakwika kawiri.

Popeza nawenso wayamba kuwoloka, ndikuchenjeze pa nkhani ya makwacha awiri. Ya kwathu ndi ya ku Malawi zonse timazitcha kwacha, ndipo ndinaonapo mnzanga atalemba mtengo wa pa risiti ya ku Lilongwe m'buku la kuno monga momwe unalili, buku lake n'kuoneka ngati wawononga ndalama zimene sanakhalepo nazo. M'buku la shopu muzilowa kwacha ya Zambia yokha. Ukatapa K5,000 kubanki kuti ukaode, lemba K5,000 yomweyo pa tsiku lomwe watapa. Zimene wapeza utasintha, ndi mtengo wosinthira wa tsikulo, zipite m'kabuku ka paulendo. Zotsala ukabwera n'kuzisinthanso, uzilembe ngati ndalama yolowa m'manja pa mtengo umene wasinthira pobwerapo, osati wa popita. Ukagwiritsa khadi lako kutsidya, usaganizire wekha kuti achotsa zingati. Lemba ndi pensulo, udikire sitetimenti ikuuze nambala yeniyeni, pakuti banki imasintha pa mtengo wake ndipo nthawi zambiri imadulaponso kena.

Za mtsikana wako, sitetimenti payokha singakuuze kuti waba. Chimene ingakusonyeze ndi ichi: ngati unamutuma kukaika K2,000, m'buku munalembedwa K2,000, koma silipi ndi sitetimenti zikuti K1,800, pamenepo uli ndi chomufunsa, ndipo umufunse muli awiri, silipi ili patebulo. Ngati silipi ikuti K2,000 koma sitetimenti ikuti K1,800, mtsikanayo alibe mlandu, pita kubanki ndi silipiyo. N'chifukwa chake masilipi sindimataya. Aja a pepala loterera amafufutika akakhala pa dzuwa kapena m'thumba lotentha, miyezi iwiri itatu umangopeza pepala loyera, choncho ndimawajambula ndi foni tsiku lomwelo.

Ndalama ya panjira ija usaiiwale poti manambala afanana. Mwezi watsopano ukangoyamba, yang'ana ngati yalowa, uichonge papepala lapadera lija, ndipo pepalalo ulimate kumbuyo kwa sitetimenti. Ikapitirira masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito isanaoneke, nyamuka ndi silipi ndi chitupa chako upite kunthambi ya banki yako, usadikire mwezi uthe. Loweruka ndikabwera kuchokera ku Lilongwe ndidzadutsira pashopu pako. Ukonzeretu buku, sitetimenti ya Meyi ndi ya Juni, ndi masilipi onse amene uli nawo, tidzayambire pa nambala yotsegulira Juni.