Magetsi akabwera, dikoda yanga imasokonezeka: kodi ndichite chiyani?

"Achimwene, ine ndimakhala kwa Mpondasi. Magetsi kuno akumazima kawiri kapena katatu pa tsiku. Chaka chatha tivi yanga inapsa, ndagula ina movutikira ndipo ndili ndi mantha. Komanso magetsi akabwera, nthawi zina pamangolemba `No Signal`, ndiye ndimaitana mnyamata wina kuti adzakonze, ndi kumulipira ulendo uliwonse. Ndithandizeni, nditeteze bwanji katunduyu, nanga matchanelo ndingawabwezeretse ndekha?"

Achemwali, pepani ndi tivi ija. Choyamba chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: kawirikawiri tivi siipsa magetsi akamapita, imapsa akamabwera. Magetsi a m'nyumba mwathu muno amayenera kukhala mavoliti 230, koma pa mphindi imene akuyaka sabwera mwaulemu. Mafiriji onse a m'dera, zigayo, mapampu a madzi ndi makina owotcherera zitsulo zimadzuka nthawi imodzi, mphamvu nkumakwera ndi kutsika isanakhazikike. Mwaonapo babu likuphethira, kuzima, nkuyakanso kawiri kapena katatu. Kuphethira kumeneko ndi kumene kumapweteka kagawo kolandira magetsi m'kati mwa tivi.

Ndiye chitetezo choyamba sichifuna ndalama. Magetsi akangozima, pitani pakhoma, zimitsani soketi, zulani pulagi. Kuzimitsa ndi rimoti sikuthandiza, chifukwa kagetsi kofiira kaja kakamayaka ndiye kuti mbali ina ya tivi ili maso ndipo ikulandirabe magetsi. Siyani babu limodzi loyatsa kuti likhale mlonda wanu. Akabwera, dikirani mphindi 5 kapena 10 mukuyang'ana babulo, ndipo likakhazikika ndi pamene mubwezere pulagi. Ndikudziwa kuti izi ndi zovuta pamene Bullets ikusewera ndi Wanderers ana ali pakhosi panu, koma auzeni kuti lamulo la pakhomo ndi limeneli. Mukamachoka kupita ku msika kapena mukamagona, zulaninso.

Pali chizindikiro chimodzi chimene musachichedwere. Mukaona mababu ena akuwala mopitirira muyeso pamene ena akungofiira, kapena fani ikuthamanga ngati yapenga, thamangani mukazimitse swichi yaikulu ya nyumba yonse. Kawirikawiri zimenezi zimatanthauza kuti waya wa nyutirolo, uja wobwezera magetsi, waduka kapena wamasuka penapake, ndipo mphamvu ikhoza kukwera kuyandikira mavoliti 400. Apo katundu amapsa mzere wonse wa nyumba. Musayatse mpaka amisiri a magetsi ataona.

Koma munthu sakhala pakhomo nthawi zonse, nchifukwa chake gadi ya tivi ndi yofunika. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa m'mashopu. Ekisitenshoni yokhala ndi kaswichi kofiira, yolembedwa `Surge Protector`, si gadi. Yabwino yake imangomeza kakulumpha ka mphamvu ka kanthawi kochepa, ndipo kachipangizo kamene kamagwira ntchitoyo kamatha mphamvu pang'onopang'ono inu osadziwa. Mphamvu ikakwera nkukhalitsa, ekisitenshoniyo imangoidutsitsa. Gadi yeniyeni imachita zinthu ziwiri: imadula magetsi akakwera kupyola malire, ndipo akabwera imayamba yadikira isanawalole kulowa. Muiyese muli mu shopu momwemo. Ikalumikizidwa pa soketi payenera kuyaka kagetsi kodikira, kenako pakapita kanthawi mumve kuti "thi", nkuyaka kobiriwira. Imene ikutulutsa magetsi nthawi yomweyo isiyeni. Werenganinso pa paketi, chifukwa gadi ya firiji ntchito yake yaikulu ndi kudula magetsi akatsika kwambiri, pamene tivi mdani wake wamkulu ndi magetsi okwera. Funsani yoteteza ku okwera, ndipo ikakhala yoteteza mbali zonse ziwiri ndiye bwino kwambiri.

Kalumikizidwe kake nkotere: gadi ilowe pakhoma, ekisitenshoni ilowe mu gadi, tivi ndi dikoda zilowe mu ekisitenshoni. Zonse ziwiri zikhale kumbuyo kwa gadi, popeza zalumikizana ndi chingwe cha HDMI ndipo vuto likalowa mu chimodzi limatha kuwolokera ku chinzake. Ayironi, ketulo ndi mbaula ya magetsi zisayandikire pa ekisitenshoni imeneyo. Ndipo chizolowezi chija chokankhira pulagi ya mano awiri mu soketi ya mano atatu ndi kamtengo ka machesi chilekeni. Pulagi yogwedera imathetheka, ndiye dikoda imazima ndi kuyaka ngati kuti magetsi akuvuta pamene vuto lili pakhoma panu.

Khomo lachiwiri, limene gadi silondera, ndi chingwe chochokera pa dishi kapena pa eriyo. Nyengo ya mvula mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu yake imatha kutsata chingwe chimenechi, kulowa mu dikoda, nkukafika mu tivi, ngakhale pulagi mutazula. Mukaona mitambo yada cha ku mapiri a ku Namwera ndipo kwayamba kugunda patali, zimitsani, zulani pulagi, kenako masulani chingwecho kumbuyo kwa dikoda. Muzichita izi mvula isanafike, osati ziphaliwali zili pamutu. Ndipo nthawi zonse muziyamba mwazimitsa dikoda musanamasule kapena kumanga chingwe cha dishi, chifukwa mumayenda magetsi a mavoliti 13 kapena 18 opita ku diso la dishi lija amalitcha LNB. Kawaya kapakati kakakhudzana ndi tiwaya ta m'mbali dikoda ili yoyaka, mukhoza kuiwononga nokha.

Tsopano za matchanelo. Apa ndikufuna ndikuchotseni mantha: kuzima kwa magetsi pakokha sikufufuta zimene zinasungidwa mu dikoda. Zimakhala m'kachipangizo kosafuna magetsi kuti kakumbukire. Nthawi imene kuzima kumaopsadi ndi pamene dikoda ikulandira pulogalamu yatsopano, pa sikirini pakuyenda kamzere kodzaza pang'onopang'ono. Pamenepo musazule kanthu.

Ndiye mukaona `No Signal`, funso loyamba ndi lakuti: akudandaula ndani, tivi kapena dikoda? Tengani rimoti ya dikoda mudine `Menu`. Pakapanda kutuluka kanthu, ndiye kuti tivi siikuona dikoda. Ma tivi ena magetsi akabwera amadzukira khomo lina, osati limene munalisiya. Tengani rimoti ya tivi, dinani `Source` kapena `Input`, musankhe pamene chingwe chinalowa, kaya `HDMI 1`, `HDMI 2` kapena `AV`. Suzumirani kumbuyo kwa tivi, dzinalo linalembedwa pambali pa bowo. Ine ndikuganiza kuti maulendo ambiri amene mwalipira mnyamata uja, ntchito yake inali imeneyi basi.

Menyu ikatuluka, ndiye kuti tivi ndi dikoda zikumvana, vuto lili chakumtunda. Pa DStv ndi GOtv, `E48-32` imatanthauza kuti siginolo siikufika. Zimitsani pakhoma, dikirani mphindi imodzi, onani ngati chingwe chili chomangika bwino, yatsani, ndipo muisiye imalize kudzuka osaidinadina. `E16` ndi nkhani ina, ya malipiro. Imatha kubwera ngakhale mutalipira, ngati munalipira pamene magetsi anali atazima, chifukwa uthenga wotsegula unatumizidwa dikoda ili chigonere. Iyatseni, muisiye choyaka, ndipo mupemphe kampaniyo itumizenso uthengawo. Apo palibe chokwerera padenga.

Pa tsamba loonetsa siginolo pamakhala mizere iwiri, `Strength` ndi `Quality`. Yonse ikakhala pa 0, kaikirani chingwe, kapena `LNB Power` yazimitsidwa. `Strength` ikakhalapo koma `Quality` palibe, ndiye kuti mwina dishi yasuntha, zomwe zimachitika kwambiri kuno miyezi ya mwera, kapena manambala a mu menyu asinthidwa. Chimene musachite ndi kudina `Factory Reset` mongoyesa mwayi. Imeneyo ndiyo imafufutadi zonse, ndipo anthu ambiri amene amati magetsi anawafufutira matchanelo, ukafunsitsa umapeza kuti wina anadina pamenepo.

Chitani ichi lero lomwe, zinthu zikadali bwino. Lowani mu menyu, pitani pa `Installation` kapena `Antenna Setting`, mujambule tsamba lililonse ndi foni. Pa madikoda aulere aja mupeza zonga izi:

```
LNB Frequency: 9750/10600
LNB Power: On
22K: Auto
```

Jambulaninso dzina la setilaiti, `DiSEqC` ngati muli ndi madishi awiri, ndi manambala a `Frequency` ndi `Symbol Rate`. Tsiku limene zidzasokonekere, mudzangofanizira ndi zithunzizo, kukonza pamene pasiyana, nkudina `Scan`. Ikakufunsani nambala yachinsinsi, ambiri mwa madikoda amenewa amabwera ndi `0000`.

Ndikusimbireni za malume anga ku Namiasi, chifukwa vuto lawo limasocheretsa anthu. Mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kokuti nkhuku zimangoyasamula pansi pa mtengo wa mango, dikoda yawo inayamba chizolowezi. Magetsi akabwera imayaka, kuonetsa chizindikiro cha kampani, nkuzima, nkuyambiranso, mwina maulendo 10. Ikapirira nkudzuka, matchanelo ena amaoneka, ena ayi. Anali atasuntha kale dishi, atachita `Factory Reset` kawiri, ndipo amafuna kugula dikoda ina. Nditafika ndinapeza dikodayo ili pamwamba pa ampulifaya, yofunditsidwa kansalu koluka kokongoletsa. Adaputala yake inali yotentha yosagwirika, ndipo nditaiika pa khutu imalira ngati udzudzu. Pa mita yoyezera mavoliti, isanalumikizidwe ku dikoda, imaonetsa mavoliti 12 bwinobwino, koma dikoda ikangoyamba kukoka mphamvu imagwa kufika cha m'ma 9. Titaitsegula, kapasita imodzi, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi, inali itafufuma pamutu. Kutentha ndi kugwedezeka kwa magetsi kunali kutaidya pang'onopang'ono, ndipo imalephera pa nthawi yodzuka chifukwa ndi pamene dikoda imayamba kudyetsanso diso la dishi.

Tinagula adaputala ina basi. Pogula, tengani yakaleyo muwerenge pamene palembedwa `Output`. Mavoliti afanane ndendende, 12V ikhale 12V. Nambala ya `A` ikhale yofanana kapena yokulirapo: ngati yakale ndi 1.5A, ya 2A ili bwino, koma ya 1A idzatentha nkukubwezerani vuto lomwelo. Kamutu kolowa mu dikoda kakwane bwino, ndipo kachithunzi ka + ndi − kafanane ndi ka pa yakale. Kansalu kaja ndinawapempha azakhali akaike pa tebulo, dikoda tinaitsitsa pa ampulifaya kuti izipuma mpweya. Ntchito imene inatitengera madzulo onse inali yobwezeretsa dishi pamalo pake, popeza palibe amene analemba chizindikiro asanaisunthe. Titapeza siginolo, ndinatenga penti nkujambula kamzere pa chitsulo ndi pa mabawuti. Inunso kajambuleni pa yanu, achemwali, mwera usanayambe.