Buleka ya masoketi ikuzimazima: musaikepo yaikulu

"Abale ndithandizeni. Buleka ya masoketi kunyumba kwanga, yolembedwa B20, ikumazima tikayatsa ketulo, ayironi ndi hotipuleti nthawi imodzi. Wina akuti ndingogula ya maampu 40. Nditero?"

Ayi achimwene, musatero chonde. Buleka ntchito yake ndi kuteteza waya amene ali mkati mwa khoma, ndiye kukula kwake kumatengera kunenepa kwa wayayo, osati kuchuluka kwa zinthu zimene mukufuna kuyatsa.

Tiwerengere limodzi. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Tinene kuti ketulo yanu ndi ya mawati 2200, ayironi 1200, hotipuleti 2000. Zonse pamodzi ndi 5400, ndipo mukagawa ndi 230 mupeza maampu oposa 23. Buleka ya B20, yomwe ndi ya maampu 20, imapirira kaye kwa kanthawi kenako n'kuzima. Ili bwinobwino imeneyo, ikugwira ntchito yake.

Masoketi ambiri amakokedwa ndi waya wa 2.5, kutanthauza wonenepa masikweya milimita 2.5, amene akakhala mu paipi mkati mwa khoma amanyamula maampu ongopitirira pang'ono 20. Waya ameneyu akachoka pa bokosi la mabuleka n'kukathera pa soketi yomaliza, buleka yake ndi ya 16 kapena 20. Ya 32 imaloledwa pokhapokha ngati wayayo wazungulira masoketi onse n'kubwereranso pa buleka yomweyo, kapena ngati ndi waya wa 4. Kuona mawaya awiri pa buleka si umboni wokwanira woti ndi wozungulira. Wamagetsi ayeze ndi mita.

Mukaika ya 40, wayayo azitentha buleka ili chete. Ndipo kutenthako sikukwera pang'onopang'ono: maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Pulasitiki yokuta waya inapangidwa kuti ipirire madigiri 70 basi. Ikamapyola pamenepo imauma, kung'aluka, mawaya n'kugundana, mwina kudenga komwe kuli matabwa ouma ndi fumbi, usiku anthu muli m'tulo. Soketi ikamafunda mukaigwira, ikada m'mabowo mwake, kapena mukamamva fungo la pulasitiki yopserera, zimitsani buleka nthawi yomweyo.

Pakadali pano muziyatsa ziwiri zokha, ayironi idikire madzi awire. Njira yokhalitsa ndi kuitana wamagetsi wovomerezeka akokere hotipuleti waya wakewake kuchokera pa bokosi, ndi buleka yakeyake. Auzeninso amange bwino masikuluwu a m'masoketi, chifukwa polumikiza pakakhwepa pamatentha ngakhale buleka ili yoyenera. Bokosilo musatsegule nokha, mawaya obwera kuchokera ku mita amakhalabe ndi moto ngakhale mutazimitsa swichi yaikulu.

Za fyuzi ya m'pulagi n'chimodzimodzi: ya 13 ndi ya ketulo ndi ayironi, ya 3 ndi ya nyale ndi wailesi. Ikapsa gulani ina yofanana nayo, musamangepo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ikapsanso, vuto lili m'chipangizocho kapena chingwe chake.