Ndalama za ntchito zikamalowa mu akaunti yanuyanu: msonkho umayenda bwanji?

"Ndimagwira ntchito yojambula ndi kukonza zithunzi, sindinalembedwe ntchito paliponse. Ondipatsa ntchito amatumiza ndalama ku akaunti yanga ya ku banki, ena pa Airtel Money ndi Mpamba. Mu akaunti yomweyo mumalowanso ndalama za achibale ndi za chipereganyu. Kampani ina inandidula 20 peresenti, akuti ndi msonkho. Ndiye kuti ndalipira kale? Nanga ndizisunga mapepala ati?"

Zikomo achemwali polemba. Poyamba dziwani kuti a MRA sayang'ana dzina la akaunti. Ndalama imene mwaipeza chifukwa cha ntchito imayenera msonkho, kaya yalowa mu akaunti ya bizinesi, mu akaunti yanuyanu, pa foni, ngakhale mwailandira pamanja. Kulandirira mu akaunti yanu si mlandu. Vuto ndi lakuti tsiku limene mudzafunsidwe kuti ndalama iyi inachokera kuti, woyankha ndinu, ndipo sitetimenti ya ku banki siisiyanitsa malipiro a ntchito ndi ndalama imene mlongo wanu watumiza kuchokera ku Joni yogulira mankhwala a amayi. Zonse zimangooneka kuti zalowa.

Ngati mulibe TPIN, yambirani pamenepo. Iyi ndi nambala imene MRA imapereka kwa wolipira msonkho aliyense, ndipo munthu amatha kukhala nayo m'dzina lake popanda kutsegula kampani. Mutha kulembetsa kudzera pa Msonkho Online kapena ku ofesi yawo, mutatenga chitupa cha unzika. Muziilemba pa invoisi iliyonse. Chifukwa chake chikhudzana ndi 20 peresenti ija.

Imene inadulidwayo ndi msonkho wodulidwiratu. Lamulo limauza makampani ndi mabungwe kuti akamalipira munthu pa ntchito ngati yanu, adule gawo n'kukapereka ku MRA m'dzina la munthuyo. Ndiye mukalemba invoisi ya K500,000, mu akaunti mulowa K400,000, K100,000 ipita ku MRA. Apa ambiri amalakwitsa pawiri. Amalemba m'buku kuti apeza K400,000, pamene apeza K500,000. Kenako amaganiza kuti nkhani ya msonkho yatha, pamene K100,000 ija ndi chikole chabe cha msonkho wa chaka chonse, umene udzawerengedwe chaka chikatha. Kuti chikolecho chidzawerengedwe ngati chanu, kampaniyo iyenera kukupatsani satifiketi yosonyeza dzina lanu, TPIN yanu, ndalama yonse ya invoisi ndi imene yadulidwa. Muziitenga mwezi womwewo. Musachite manyazi kukumbutsa a ku maakaunti, ndi ndalama yanu imeneyo. Ndaonapo anthu akuyamba kulondola masatifiketi patatha chaka, wowalipira uja atachoka kale pa ntchito, ndipo zimakhala zowawa. Akamangozengereza osakupatsani, nthawi zina chimakhala chizindikiro chakuti anadula koma sanakapereke, kapena anailemba pa TPIN yolakwika.

Tiyeni tiwerenge chaka chimodzi chongoyerekeza. Makampani munawalembera ma invoisi a K6,000,000, anadula K1,200,000, mu akaunti munalowa K4,800,000. Anthu wamba, monga eni ukwati ndi a mashopu ang'onoang'ono, anakulipirani K2,000,000 osadula kanthu. Mlongo wanu anatumiza K900,000, chipereganyu chinakugwerani K600,000. Sitetimenti isonyeza kuti mwalowa K8,300,000, koma nambala imeneyi ilibe ntchito pa msonkho. Zimene mwapeza pa ntchito ndi K8,000,000, ndiye kuti K6,000,000 kuphatikiza K2,000,000. Ya mlongo wanu ndi mphatso, ya chipereganyu ndi ndalama yanu yomwe imene yangobwerera.

Pa K8,000,000 muchotsepo zimene munawononga kuti ntchitoyo igwirike: bandulo ya intaneti, kusindikiza zithunzi, mayendedwe opita kojambula, malipiro a mnyamata wokuthandizani kunyamula zida. Tinene kuti zonse zakwana K1,500,000. Phindu ndi K6,500,000, ndipo msonkho umawerengedwa pa limeneli, mwa magawo: gawo loyamba silidulidwa kanthu, otsatirawo amadulidwa mokwera. Magawowa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho muzigwiritsa ntchito a chaka chimene mukuwerengeracho. Tiyerekeze kuti msonkho watuluka K1,300,000. Ngati masatifiketi onse muli nawo, mwatsala ndi K100,000 yokha yoti mulipire. Ngati ena anasowa ndipo ku MRA sizikuoneka m'dzina lanu, mudzalipiranso ndalama imene inadulidwa kale. Zimachitikanso kuti zodulidwa zimaposa msonkho weniweni, makamaka kwa amene amagwirira makampani okhaokha, ndipo zotsalazo mungazifunse pokhapokha mutapereka fomu ya pachaka. Fomuyo imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chanu cha bizinesi chitatha, ndipo mkati mwa chaka mumayenera kumalipirako msonkho woyerekeza miyezi itatu iliyonse.

Pa zochotsa ndikuchenjezeni. Sukulu fizi ya ana, ndiwo ndi zovala sizilowamo. Chinthu chimene mumagwiritsa ntchito pawiri, monga foni kapena magetsi a m'nyumba, muchotse gawo la ntchito lokha, ndipo mulembe mmene mwaligawira. Kamera ndi laputopu sizichotsedwa zonse chaka chimodzi ngati bandulo, zili ndi kawerengedwe kake kochotsa pang'onopang'ono, ndiye lisiti lake mulisamale kwambiri.

Tsono buku. Simukufunika pulogalamu yodula, kope wamba kapena Excel zikwanira. Ndalama iliyonse ya ntchito ikhale ndi mzere wake: tsiku, dzina la wolipira, nambala ya invoisi, ndalama yonse, yodulidwa, yolowa, njira imene yadzera, ndi malo ochonga kuti satifiketi yabwera. Ma invoisi aziyenda motsatana, 001, 002, osadumpha, ndipo muzilembera ngakhale wolipira pa Mpamba. Mwezi ukatha, tengani sitetimenti ya ku banki ndi ya pa foni, mudutse mzere uliwonse wa ndalama yolowa. Ya ntchito igwirizane ndi invoisi yake. Imene si ya ntchito mulembe pambali pake kuti ndi ya chiyani, n'kusunga umboni: uthenga wa mlongo wanu, kaundula wa gulu la chipereganyu, kalata ya ngongole. Samalani ndi ndalama imene mwaichotsa pa foni kupita ku banki, chifukwa imaoneka kuti yalowa kawiri. Mukapeza yolowa imene simukuikumbuka, funsani sabata yomweyo anthu asanaiwale. Ngati wolipira ali kunja kwa dziko koma ntchito mwagwirira kuno, ndalamayo imalowanso m'buku. Lembani madola a pa invoisi ndi makwacha amene banki yakupatsani tsikulo.

Malisiti a m'mashopu amafufutika pakangopita miyezi, choncho muziwajambula tsiku lomwelo n'kudzitumizira pa imelo, osasiya mu foni mokha. Zonsezi musunge zaka 7, osataya msanga, poti MRA imatha kubwerera m'mbuyo zaka zingapo pofufuza.

Ndikadakhala inu, ndikadatsegula akaunti yachiwiri m'dzina langa lomwe, ya ntchito yokha, ndi nambala ya foni imodzi yolandirira malipiro. Achibale ndi a chipereganyu azitumiza ku yakale ija. Ndipo ndalama iliyonse imene yabwera yosadulidwa, muzipatulapo gawo limodzi mwa magawo asanu tsiku lomwelo n'kulisiya mu akauntiyo, kuti nthawi yolipira msonkho woyerekeza ikakwana musakatenge katapila.