Nyumba yaposa gawo la mayi: kagawidwe ka chuma cha masiye

*Bambo athu anasiya wilo yonena kuti theka la chuma chawo lipite kwa mayi, theka linalo tigawane ana atatufe mofanana. Anasiya ndalama 15 miliyoni kubanki, nyumba ya 36 miliyoni, puloti ya 12 miliyoni ndi ngongole ya 3 miliyoni. Mayi akufuna kukhalabe m'nyumbamo, achimwene akufuna puloti. Aliyense alandire zingati?*

Pepani ndi zovutazo. Musayambe ndi kufunsana kuti ndani atenge chiyani, chifukwa m'pamene abale amadanirana. Yambani mwasandutsa katundu yense kukhala ndalama papepala, mupeze gawo la munthu aliyense, kenako muone katundu amene angakwane m'gawolo.

Ngongole imayamba yalipidwa olowa chuma asanagawane. Mukachotsa 3 miliyoni pa ndalama za kubanki, patsala 12 miliyoni. Muphatikize nyumba ya 36 ndi puloti ya 12, chuma chogawana ndi 60 miliyoni. Theka la mayi ndi 30 miliyoni, ndipo 30 yotsalayo mukaigawa patatu, mwana aliyense gawo lake ndi 10 miliyoni.

Tsopano mayi akatenga nyumba, atenga katundu wa 36 pomwe gawo lawo ndi 30, ndiye kuti apitirira ndi 6 miliyoni. Achimwene anu akatenga puloti ya 12, apitirira ndi 2 miliyoni. Inu awiri otsalanu muyenera kulandira 20 miliyoni pamodzi, koma kubanki kuli 12 yokha. Ikuperewera ndi 8, yomwe ndi 6 ya mayi kuphatikiza 2 ya achimwene. Akabweza zimenezi, aliyense wa inu alandira 6 miliyoni ya kubanki, 3 yochokera kwa mayi ndi 1 yochokera kwa achimwene. Masamu akakhala olondola, zimene opitirira akubweza zimafanana ndendende ndi zimene ena akupereweredwa. Zikasiyana, mwalakwitsa penapake.

Vuto n'loti mayi amasiye nthawi zambiri sakhala ndi 6 miliyoni m'manja, ndipo ine sindingakulangizeni kugulitsa nyumba imene akugonamo chifukwa cha ndalama imeneyi. Njira yabwino ndi yoti awirinu musiye gawo lanu m'nyumbamo. 6 miliyoni pa 36 ndi gawo limodzi mwa magawo 6, choncho aliyense wa inu akhala mwini wa gawo limodzi mwa magawo 12 a nyumbayo. Lembetsani gawolo osati chiwerengero cha ndalama. Mukalemba kuti “mayi adzapereka 3 miliyoni”, pakatha zaka khumi ndalamayo idzakhala itatha mphamvu. Mukalemba kuti “gawo limodzi mwa 12”, nyumba ikadzagulitsidwa pa 60 miliyoni mudzalandira 5 miliyoni aliyense. Mugwirizanenso, ndipo zilembedwe, za amene azikonza denga likadontha ndi amene azilandira lendi ngati mayi adzasamuke.

Koma musanasainirane chilichonse, tengani mapepala a nyumba muone dzina limene lilipo. Wilo imagawa zokhazo zimene zinali za malemu. Ngati nyumbayo inali ya bambo ndi mayi theka theka, 18 miliyoni ndi ya mayi kale, siilowa m'chuma chogawana. Pamenepo chuma chikhala 18 ya nyumba, 12 ya puloti ndi 12 ya kubanki, zonse 42 miliyoni. Mayi alandira 21, ana 7 aliyense. Mayi atenga theka linalo la nyumba ndi 3 miliyoni ya kubanki, osabweza kanthu kwa aliyense. Achimwene abweza 5 miliyoni pa puloti, yomwe mukaphatikiza ndi 9 yotsala kubanki ikwana 14, yanu awirinu. Palinso kalembetsedwe kena ka umwini wa anthu awiri komwe wina akamwalira nyumba yonse imapita kwa wotsala, ndipo malamulo a mayiko ambiri amateteza mkazi wamasiye kuti asachotsedwe panyumba. Loya akuuzani zimene zikugwira ntchito kwanuko akaona mapepalawo.

Mitengo ya 36 ndi 12 ija anaitchula ndani? Wotenga katundu amapindula mtengo ukatsika. Puloti ikakhala kuti ndi ya 18 miliyoni osati 12, chuma chonse chifika 66, gawo la mwana likhala 11, ndipo achimwene ayenera kubweza 7 miliyoni m'malo mwa 2. Itanani katswiri woyesa mitengo ya nyumba ndi malo amene si mnzake wa aliyense wa inu, ayese nyumba ndi puloti mwezi umodzi womwewo, ndipo malipiro ake achotsedwe pa chuma musanagawane, monga munachitira ndi ngongole ija.