Kapo imakweza nyimbo, koma siitsitsa

"Moni akulu. Ndimaimba gitala mu kwaya ya achinyamata kuno ku Kapata, Chipata. Makodi amene zala zanga zinazolowera ndi G, C, D ndi Em basi. Mlongo amene amatsogolera nyimbo akuti ndimayambira pansi kwambiri, mawu ake satuluka. Mnzanga akuti ndigule kapo. Kodi ithandizadi, nanga ndiziyika pati?"

Achimwene, mnzanuyo sanakunamizeni. Kapo ndi kopanira chabe. Imafinya nsambo zonse zisanu ndi imodzi pa fureti imodzi, mbali imene imalira imafupika, ndipo nsambo ikafupika kulira kwake kumakwera. Zala zanu zizigwira monga mwa masiku onse, kungoti mudziwerenga mafureti kuyambira pa kapo, ngati kuti khosi la gitala layambira pomwepo.

Fureti iliyonse imakweza nyimbo ndi sitepe imodzi yaing'ono. Mukagwira G kapo ili pa fureti 1, chomveka ndi A♭. Pa 2 ndi A, pa 3 ndi B♭, pa 4 ndi B, pa 5 ndi C.

Koma poika kapo musapeze ndi masamu, pezani ndi khutu. Khalani awiriwiri ndi mlongoyo kwaya isanasonkhane. Musayambe pachiyambi pa nyimbo. Sankhani mizere iwiri yokha: umene mawu amatsikira pansi penipeni, ndi umene amakwera kwambiri, nthawi zambiri mu kolasi. Ikani kapo pa 2, aimbe wapansiwo. Ngati akumvekabe ngati akung'ung'udza, sunthirani pa 3. Tinene kuti pa 3 mawu atuluka mbee. Musathamangire kusangalala, aimbenso wapamwamba uja. Mukaona mitsempha ya pakhosi yatuluka, chibwano chaloza kudenga, mawu akusasa, mwapitirira. Bwererani fureti imodzi. Ine ndimakonda kusiya kampata pamwamba, chifukwa mawu a Loweruka madzulo pokonzekera si amene munthu amadzuka nawo Lamlungu m'mawa, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi.

Tinene kuti mwagwirizana pa 3. G yanu tsopano ikulira B♭, C ikulira E♭, D ikulira F, Em ikulira Gm. Apa ndi pamene makwaya ambiri amakanganirana. Wa kiyibodi akafunsa kiyi, inu nkuyankha kuti G poti ndi imene zala zagwira, iye aimbadi G, ndipo mudzamveka ngati mawailesi awiri m'nyumba imodzi. Muuzeni B♭. Wa besi chimodzimodzi.

Kamangidwe kake nakonso kali ndi kanthu. Kapo ikhale kuseri kwenikweni kwa kachitsulo ka fureti, moongoka, osati pamwamba pake kapena pakati pa danga. Ikatalikira kachitsuloko nsambo zimalira nziii ngati njuchi. Ikafinya mopitirira, kapena mukaikankha chammbali, imakoka nsambo nkuzikweza pang'ono, gitala yochuna bwino nkumamveka yosokonekera. Choncho mukamanga, khwatchani nsambo imodziimodzi, muchunenso pomwepo.

Ndisanagule yanga ndinkagwiritsa ntchito pensulo yomangira ndi mphira wa chubu chakutha cha njinga, ndipo kuno ku Chipata mphira wotere sasowa. Pa gitala ya nsambo za nailoni imagwira bwino, poti khosi lake ndi lathyathyathya. Pa ya nsambo zachitsulo khosi limakhala lotukuka pang'ono pakati, ndiye pensulo imafinya zapakati, zam'mphepete nkumafa. Muziganizira zimenezi pogula: ya nsambo zachitsulo imafuna kapo yopindika pang'ono.

Tsiku lina adzabwera wina, mwina mnyamata wa mawu aakulu, nadzati G yamukwerera. Apo kapo yokha siitsitsa kanthu. Njira ilipo yozungulira: ikani pa 5, nyimbo ilowe mu C, iye aimbe ndi mawu apansi, okutevu imodzi kutsika, ndiwo masitepe 12. Potero watsika masitepe 7 kuchokera pamene ankavutikira. Koma akangofuna kutsika masitepe awiri, kufika pa F, kapo iyenera kukhala pa fureti 10, pamene zala zimapanikizana ndipo gitala imalira ngati banjo. Ine sindipitirira 5 kapena 6. Kwa munthu wotereyu masulani nsambo zonse zitsike masitepe awiri, G yanu idzalira F. Mlongo uja akabwerera pa maikolofoni, gitala ikadali yotsitsa chomwecho, B♭ yake mudzaipeza pa fureti 5, osatinso pa 3.