Chilango cha YouTube: sabata yoletsedwa ikatha, masiku 90 amakhala akuwerengedwabe

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndinaika pa tchanelo changa vidiyo ya ngozi ya pamsewu yomwe ndinalandira pa WhatsApp. YouTube yaichotsa ndipo yanditumizira uthenga wakuti ndapatsidwa Community Guidelines strike. Panopa ndikukanika kuika vidiyo ina iliyonse. Kodi tchanelo changa chathera pomwepa? Chilangochi chitha liti, ndipo tsikulo ndingalione pati? Kapena ndingofufuta zonse ndiyambirenso?"

Tchanelo chanu sichinathe, ndipo musafufute kanthu kaye. Mwapatsidwa zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo chilichonse chili ndi kawerengedwe kake ka masiku. Choyamba ndi chiletso cha sabata imodzi, chomwe ndi chimene chikukukanizani kuika vidiyo. Chachiwiri ndi chilango chenichenicho cha kuphwanya malamulo a YouTube, "strike" ija, chomwe chimakhala cholembedwa pa tchanelo kwa masiku 90. Anthu ambiri amangoona choyambacho. Sabata ikatha, n'kuona kuti vidiyo zayambanso kulowa, amati mlandu watha, pomwe kwatsala miyezi pafupifupi itatu imene kulakwitsa kulikonse kumalipitsa kwambiri kuposa kale.

Ngati mwafika pa chilango, mwachidziwikire munalandirapo kale chenjezo. Kuyambira mu Febuluwale 2019, YouTube nthawi zambiri siiyamba ndi chilango munthu akaphwanya malamulo koyamba. Imachotsa vidiyoyo n'kupereka chenjezo, lomwe pa sikirini limalembedwa kuti "warning", ndipo sililetsa chilichonse. Chifukwa chakuti silipweteka, ambiri amalidumpha osaliwerenga n'komwe. Fufuzani mu imelo imene munatsegulira tchanelocho, mudzalipeza. Chenjezo limenelo silichoka lokha. Kuyambira mu 2023 pali kamaphunziro kakafupi ka mafunso okhudza lamulo lomwe munaphwanya, ndipo mukamaliza, chenjezo limachoka pakatha masiku 90 kuwerengera kuchokera pa tsiku lomalizira maphunzirowo, bola musaphwanyenso lamulo lomwelo m'masiku amenewo. Amene sanachite maphunzirowo chenjezo lake limangokhala, ngakhale papite zaka, ndipo akadzalakwitsanso amalandira chilango nthawi yomweyo.

M'sabata yoletsedwayi simungathe kuika vidiyo, yaitali kapena ya Shorts. Simungaulutse pompopompo, kukonza Premiere, kulemba positi, kuika chithunzi chanuchanu cha pachikuto cha vidiyo, kapena kupanga ndi kusintha mndandanda wa mavidiyo. Vidiyo zakale zimakhalapo ndithu ndipo anthu amaziona monga mwa masiku onse. Chimene chimadzidzimutsa anthu ndi vidiyo zomwe anazitchera kale kuti zidzatuluke zokha pa tsiku lakutilakuti. Zimenezo YouTube imazibweza kukhala "Private" kwa nthawi yonse ya chiletso, ndipo sizidzituluka zokha chiletso chikatha. Muyenera kulowa n'kuzipatsanso tsiku latsopano, apo ayi mudzadikira vidiyo yomwe ili phee m'kabati.

Tsopano kawerengedwe ka masiku, pomwe pagona nkhani yanu. Sabata ya chiletso imayamba kuwerengedwa pa tsiku limene mwavomereza kuti mwaona chilangocho, kutanthauza pamene mwatsegula uthenga wake mu YouTube Studio, malo oyendetsera tchanelo chanu, n'kudina kuti mwamva. Masiku 90 aja amawerengedwa kuchokera pa tsiku limene chilango chinaperekedwa. Tiyerekeze kuti chilango chinaperekedwa pa 3 Malichi, koma inu munalibe bandulo ndipo munakavomereza pa 6 Malichi. Mudzayambanso kuika vidiyo pa 13 Malichi, osati pa 10. Pomwe chilango chenichenicho chidzachoka pa 1 Juni: masiku 28 otsala a Malichi, 30 a Epulo, 31 a Meyi, ndi limodzi la Juni. Choncho kuzengereza kutsegula uthengawo chifukwa cha mantha kapena mkwiyo kumangotalikitsa nthawi yokhala chete. Ngati simunavomereze, chitani lero.

Mukalandira chilango chachiwiri choyambacho chisanachoke, chiletso chimakhala cha masabata awiri. Chachitatu m'masiku 90 omwewo chikhoza kutseketsa tchanelo mpaka kalekale. Koma chilango chilichonse chimayenda ndi masiku ake 90, sizitha pamodzi, ndipo chachiwiri sichiyambitsanso kuwerengera kwa choyamba. Tipitirize chitsanzo chija. Chilango chachiwiri chabwera pa 20 Meyi. Chimenecho chidzachoka pa 18 Ogasiti, koma choyamba chija chidzachokabe pa 1 Juni. Ndiye kuti pakati pa 20 Meyi ndi 1 Juni, masiku 12, tchanelo chili ndi zilango ziwiri, ndipo china chimodzi chikangobwera pamenepo zonse zikhoza kuthera pomwepo. Ikadutsa 1 Juni mwatsala ndi chimodzi, mpaka pa 18 Ogasiti.

Mwina mukuti, nanga chilango chachitatu chingabwere bwanji m'masiku 12 amenewo poti ndikhala woletsedwa kuika vidiyo? Apa ndi pamene ambiri amagwera. Chilango sichiyang'ana tsiku limene munaika vidiyo, chimayang'ana tsiku limene vidiyoyo yapezeka kuti ndi yolakwika. Vidiyo yomwe munaika zaka ziwiri zapitazo ikhoza kudandaulidwa ndi woonera mawa, n'kukubweretserani chilango cha mawa lomwelo. Ndipo si vidiyo yokha. Chithunzi cha pachikuto, mawu a m'munsi ofotokoza vidiyo, linki yotumiza anthu kumalo oletsedwa, zonsezi zimatengetsa chilango. Ngati vidiyo ya ngoziyi si yoyamba ya mtundu wake pa tchanelo chanu, ntchito yanu m'sabata ino ndi kudutsa mu zakale zonse imodziimodzi, kuyang'ana za magazi, mitembo, anthu akumenyedwa ndi gulu, ndi zina zotero. Lamulo la zithunzi zachiwawa ndi zonyansa limasiyanitsa pakati pa vidiyo yoonetsa ovulala pafupi kuti anthu anjenjemere, ndi nkhani yofotokoza chimene chinachitika, kuti, liti, yobisa malo oopsa. Vidiyo yongotengedwa pa WhatsApp n'kuikidwa ndi mutu wokuwa, popanda kufotokoza kulikonse, imagwera mbali yoyambayo. Zakale zotero zomwe sizinagwidwe ndi bwino kuzichotsa nokha. Kuzisandutsa "Private" kapena "Unlisted" sikuziteteza, chifukwa malamulowa amakhudza vidiyo zobisidwa zomwe.

Vidiyo yomwe yalangidwa kale ndi nkhani ina. Imeneyo, ngakhale anthu sakuionanso, ikadali mu mndandanda wanu mu Studio. Kuifufuta sikuchotsa chilango ngakhale pang'ono, ndipo kumakulandani mwayi wochita apilo. Isiyeni.

Tsiku lothera chilango mukalipeza mu YouTube Studio. Pa kompyuta tsegulani studio.youtube.com, lowani ndi akaunti ya tchanelocho, ndipo mukhale pa tsamba loyamba la "Dashboard". Pamenepo pamatuluka kabokosi kolembedwa "Channel violations", komwe kamaoneka pokhapokha ngati pali chenjezo kapena chilango. Mukadina pa chilangocho mumaona vidiyo yomwe yachotsedwa, lamulo lomwe yaphwanya, zimene mwaletsedwa, ndi tsiku limene chilango chidzachoke. Onetsetsani kuti tsiku lomwe mukulemba ndi liti, chifukwa la kutha kwa chiletso ndi la kutha kwa chilango ndi osiyana, ndipo loyandikiralo ndi la chiletso chabe. Njira ina ndi kudina "Content" kumanzere, kupeza vidiyoyo, n'kuyang'ana pansi pa "Restrictions". Pa foni, pulogalamu ya YouTube Studio imaonetsanso uthengawo pa "Dashboard" yake. Ngati pulogalamuyo ikukubisirani zina, tsegulani studio.youtube.com mu Chrome, dinani timadontho titatu tapamwamba, n'kusankha "Desktop site". Zilembo zimachepa ngati nyerere koma zonse zimaoneka. Amene ali ndi matchanelo angapo pa imelo imodzi aziyamba aona chithunzi cha pakona yakumanja, poti n'zosavuta kuyang'ana pa tchanelo china n'kumasangalala kuti chilango chachoka.

Imelo yomwe YouTube inakutumizirani musaitaye. Tsiku lake ndi limene mungawerengere masiku 90 panokha, monga tachitira pamwambapa. Komanso uthenga uliwonse wa chilango, musadine linki yake musanakatsimikize mu Studio. Pali akuba omwe amatumiza maimelo onamizira YouTube pofuna kuti mulembe pasiwedi yanu, ndipo chilango chomwe sichikuoneka pa "Channel violations" kulibe.

Pa kabokosi komweko pali "Appeal". Chilango chilichonse chimaloledwa apilo imodzi yokha, choncho musaiwononge polemba kuti pepani kapena kuti ena akuikanso zomwezo. Apilo ndi yonena kuti analakwitsa poweruza, ndipo iyenera kuloza mphindi yeniyeni ya vidiyo ndi chifukwa chake siikuphwanya lamulo lomwe latchulidwa, mwachitsanzo kuti ovulala anabisidwa ndipo vidiyo yonse ndi nkhani yofotokoza. Ikatheka, vidiyo imabwerera ndipo chilango chimachotsedwa, kapena chilango chimachotsedwa koma vidiyo n'kuikidwa kuti ioneredwe ndi akuluakulu okha. Ikakanidwa, chilango chimangokhala monga chinalili, sakuwonjezerani china. Kunena mosapsatira, ngati vidiyo yanu inaonetsa mitembo poyera popanda mawu alionse, mwayi wake ndi wochepa.

Pa nkhani ya ndalama, tchanelo chomwe chili ndi chilango chosatha sichingalembetse mu YouTube Partner Program, ndondomeko yomwe YouTube imalipirira eni matchanelo, ngakhale chitakwanitsa chiwerengero cha olembetsa ndi maola oonera. Muyenera kudikira 1 Juni wanu uja, osati kutha kwa sabata. Musasokonezenso chilangochi ndi cha umwini wa nyimbo kapena kanema, cholembedwa "copyright strike". Chimenecho chimawerengedwa pachokha ndipo chili ndi njira zake zochotsera. Kukhala ndi chimodzi cha uku ndi chimodzi cha uko sikutanthauza kuti muli ndi zilango ziwiri za mtundu umodzi.

Za kuyambiranso pa tchanelo china, ayi. Kugwiritsa ntchito tchanelo china, chanu kapena cha mnzanu, kuti muzembe chiletso ndi mlandu pawokha, ndipo ukhoza kutseketsa matchanelo anu onse, ngakhale omwe analibe vuto. Vidiyo zomwe mwajambula m'sabata ino zisungeni m'foni kapena pa kompyuta mpaka tsiku lomwe Studio yalemba kuti chiletso chatha. Palibe fomu yolemba kapena munthu wom'pempha, mphamvu zoika vidiyo zimabwerera zokha. Chimodzimodzi pa tsiku la 90, chilango chimachoka chokha pa "Channel violations". Ngati chenjezo lakale lija likuonekabe pamenepo, ndiye kuti chilango china chikadzabwera chidzakhalanso cha sabata imodzi ndi masiku ake 90, sadzayambanso ndi kukuchenjezani.